Ndikusiya sukulu chifukwa cha fizi, kalata yake ndiilembe bwanji kuti andibwezereko ndalama?

Tiyamike: Madzulo abwino abale. Ndabwera ndi nkhani yolemetsa mtima. Ndili chaka chachiwiri pa yunivesite ina yomwe si yaboma kuno ku Lilongwe. Amene amandilipirira fizi ndi malume anga a ku Joni, ndiye ntchito yawathera mwezi watha ndipo anena mosabisa kuti chaka chino sangathenso. Semesita ino fizi ya maphunziro yokha ndi K900,000. Iwo anatumiza K680,000, yotsalayo palibe komwe ingachokere. Ndaganiza zongosiya, koma ndikufuna andibwezereko ina mwa ndalamayo chifukwa mng'ono wanga ali folomu 4 ndipo nayenso akufunika thandizo. Kalata ndayamba motere, mundikonzere:

"Okondeka a Rejisitara, ndalemba kalatayi ndi misozi. Ine ndine mwana wamasiye, bambo anga anatisiya ndili wamng'ono ndipo amayi amangogulitsa kaunjika. Malume amene amandithandiza ntchito yawathera. Chonde ndimvereni chisoni, mundibwezereko kangachepe kalikonse kamene mungathe. Mulungu akudalitseni."

Ndidzaitembenuza m'Chingerezi ndikamakapereka, koma mfundo zake ndi zimenezi.

Chikondi wa ku Area 25: Pepani achemwali, zandikhudza. Koma bwanji osapempha ngongole ku bodi ija ya ngongole za ophunzira? Masiku ano amathandizanso a m'mayunivesite omwe si aboma, bola sukuluyo ikhale yovomerezeka ndi NCHE, bungwe loyang'anira mayunivesite. Musasiye sukulu chonde.

Tiyamike: Ndinapempha chaka chatha, dzina silinatuluke. Ndipo iwo ali ndi nyengo yawo yolandira mafomu, sangandipatse pakati pa semesita. Nkhani ya ngongole ndiyesanso ikadzakwana nthawi. Pano ndikufunsa za kalata.

Gift Wamkulu: Kalata ya chiyaninso? Masukulu amenewa ndalama ikalowa yalowa. Ingosiyani kupita, musawononge ya minibasi.

Mai a Dalitso: Ayi a Gift, musamusocheretse mwanayu. Ine zimenezo ndinazichita ndipo ndinalira. Ndinasiya kupita m'kalasi sabata yachisanu ndi chimodzi osauza wina aliyense, ndimati sukulu idziwa yokha poti sindikuoneka. Patatha zaka ziwiri ndinapeza ntchito yofuna tiransikiripiti ya chaka choyamba. Nditapita kukaitenga anandionetsa zinthu ziwiri: ngongole ya fizi yonse yotsala ya semesita ija, komanso makosi asanu olembedwa kuti ndinalephera chifukwa sindinalembe mayeso. Kwa iwo ndinali wophunzira mpaka semesita kutha. Tiransikiripiti anakana kundipatsa mpaka nditamaliza ngongoleyo. Ndinagulitsa firiji.

Gift Wamkulu: Eee, za ngongolezo sindimazidziwa. Koma pa zobweza ndalama ndiye ndaima pomwepo.

Bambo Phiri: Mwanangu Tiyamike, ndagwira ntchito mu ofesi ya maakaunti pa koleji ina kwa zaka zambiri ndisanapume, ndipo makalata onga ako ndawaona ochuluka. Ndikuuze zoona, kalata yako ndi yogwira mtima koma ndalama siingatulutse. Amene adzaiwerenge alibe mphamvu yobweza ndalama chifukwa cha chisoni. Akabweza popanda lamulo lomuloleza, oyendera mabuku akadzabwera amufunsa iyeyo. Chimene iye akufuna n'chakuti umupatse poponda: ndime ya malamulo a sukulu, tsiku, ndi chiwerengero cha ndalama. Ukalemba kuti "kangachepe kalikonse" wamupatsa mpata woti ayankhe kuti "pepani, palibe."

Tisanakonze chilichonse undiyankhe izi. Semesita inayamba liti? K680,000 ija inagawidwa bwanji pa sitetimenti yako? Ndipo buku la malamulo a ophunzira limene anakupatsa uli chaka choyamba likuti chiyani pa zobweza fizi? Ngati bukulo unataya, ona kuseri kwa kalata imene anakuitanira kusukulu, kapena pa pepala la mitengo ya fizi.

Tiyamike: Zikomo bambo. Makalasi anayamba Lolemba pa 3 Febuluwale, lero ndi Lachitatu pa 26. Pa sitetimenti K600,000 inapita ku fizi ya maphunziro, K80,000 ku rejisitireshoni, zachipatala, laibulale ndi bungwe la ophunzira. Bukulo ndalipeza m'katoni. Likuti ukasiya m'sabata ziwiri zoyambirira akubwezera 75 peresenti ya fizi ya maphunziro, sabata yachitatu ndi yachinayi 50 peresenti, kupitirira apo palibe. Zina zija akuti sabweza.

Bambo Phiri: Ndiye werenga bwino kalendala. Sabata yachinayi ikutha Lachisanu lino pa 28. Kwatsala masiku awiri, mawa ndi mkucha. Ukapereka kalatayo Lolemba, sikuti wangotaya zobwezeredwazo ayi, udzakhalanso ndi ngongole ya K300,000, chifukwa fizi yonse ya K900,000 idzakhala yoyenera kulipidwa pamene iwe unapereka K600,000. N'zimene zinawaonekera mai a Dalitso.

Ndipo tsiku limene amawerenga si limene unasiya kulowa m'kalasi, si limenenso walemba pamwamba pa kalata. Ndi tsiku la pa chidindo cha ofesi imene yalandira. Nkhani yonseyi yagona pa chidindo chimenecho.

Tiyamike: Mayo ine. Ndimati ndidikire kumapeto a sabata ndiilembe modekha.

Gift Wamkulu: Chabwino ndagonja, lamulo lilipo. Ndiye theka la K600,000 ndi K300,000. Sizoipa achemwali, mng'ono wanu mayeso alemba.

Bambo Phiri: Musafulumire a Gift. Kumene ndinkagwira ine sitinkawerengera choncho. Wophunzira akangolembetsa, kompyuta imamulembera ngongole ya fizi yonse, apa K900,000. Akasiya sabata yachinayi timachotsa theka la ngongoleyo, ndiye kuti sukulu ikusunga K450,000 ngati mtengo wa sabata zimene malo ake anali otsekedwa. Iye analipira K600,000. Kuchotsa K450,000, yotsala ndi K150,000. Imeneyo ndiyo tinkabweza.

Chifukwa chake n'chomveka mukachiganizira. Tengani ophunzira awiri a kalasi imodzi amene asiya tsiku limodzi, wina analipira K900,000 yonse, wina K600,000. Mukatenga theka la zimene aliyense analipira, woyambayo sukulu yamudyera K450,000, wachiwiriyo K300,000, chonsecho anakhala pa benchi imodzi masiku ofanana. Amene analipira msanga ndiye walangidwa. N'chifukwa chake maofesi ambiri amawerengera pa fizi yonse.

Gift Wamkulu: Ndiye pa K680,000 munthu atuluke ndi K150,000 atangophunzira sabata zinayi? Kumeneku n'kuba masana.

Bambo Phiri: Kuwawa kumawawadi, sindikutsutsa. Ndikungomuuza zoti akakumane nazo asadabwe pa kauntala.

Nachisale: Bambo Phiri ndikukumvani, koma ndisiyane nanu pang'ono. Tiyamike, tandiuzani, bukulo likuti theka la fizi "yolipidwa" kapena theka la fizi "ya semesita"? Mawu amodzi amenewo ndiwo akusiyanitsa K300,000 ndi K150,000.

Tiyamike: Silikunena, anti. Langoti 50 peresenti ya fizi ya maphunziro idzabwezedwa. Basi.

Nachisale: Ndiye pamenepo pali polowera. Pa nkhani za mgwirizano, mawu akakhala omveka pawiri, kawirikawiri amatanthauziridwa mokomera amene sanawalembe, chifukwa wolembayo anali ndi mpata wowalongosola. Bukulo analemba ndi sukulu, osati inu. Ine ndikanalemba K300,000. Akafuna kutsitsa atsitse okha, koma afotokoze pa pepala. Musadzidule nokha musanafunsidwe.

Bambo Phiri: Mayi Nachisale, zimenezo n'za m'khoti, ndipo palibe amene angapite kukhoti chifukwa cha kusiyana kwa K150,000, loya yekha angaimalize. Mantha anga ndi akuti kalata ikakhala ndi chiwerengero chimene a maakaunti sakugwirizana nacho, imabwerera kwa Rejisitara ndi funso, Rejisitara ali ku msonkhano, fayilo n'kugona mwezi. Kalata yogwirizana ndi masamu awo imangodutsa.

Nachisale: Igone mwezi bola chidindo chamenyedwa sabata ino. Tsiku likakhala lotetezedwa, kukangana za chiwerengero sikumuchotsera kanthu.

Bambo Phiri: Apo mwanena zoona. Kuchedwa kokha ndiko kungamupweteke, osati kutaya. Asankhe yekha, amene akudziwa kuti mayeso a mng'ono wake ndalama ikufunika liti ndi iyeyo.

Madalitso M.: Ine ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Funso langa ndi lina. Bwanji kusiyiratu? Masukulu ambiri amalola kusungitsa malo kwa chaka chifukwa cha vuto la ndalama. Ine ndinatero, ndalama yanga anaisunga pa akaunti ndipo nditabwerera ndinangowonjezera. Kusungitsa malo n'kwabwino nthawi zonse kusiyana ndi kusiya.

Mai a Dalitso: "Nthawi zonse" ayi. Mphwanga anasungitsa malo mu 2023, ndiye mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Pobwerera fizi inali itakwera, ndalama imene anasunga ija inangokwana kachigawo. Ndalama yogona pa akaunti ya sukulu siibereka, koma fizi siidikira munthu.

Madalitso M.: N'zoona, koma ganiziraninso kuti akasiyiratu akutaya K450,000 lero lomwe. Akasungitsa mwina K600,000 yonse imudikira. Ngakhale itachepa mphamvu, siingachepe kufika pa K150,000.

Bambo Phiri: A Madalitso agunda mfundo, ndipo ndinayenera kuyamba nayo ine. Koma si sukulu zonse zimasunga ndalama yonse, zina zimadula kaye gawo la sabata zimene waphunzira n'kusunga yotsalayo. Tiyamike uone ndime ya kusungitsa malo. Kenaka udzifunse wekha moona mtima: pakutha chaka chimodzi, fizi ya zaka ziwiri ndi theka zotsalazo ichokera kuti? Ngati pali chiyembekezo chenicheni, sungitsa. Ngati palibe, ndalama yosungidwayo udzangoitaya mochedwa, chifukwa nthawi yosungira malo ikatha lamulo lobweza silidzakugwiranso.

Tiyamike: Ndaona. Akuti amasunga malo kwa chaka chimodzi chokha ndipo ndalama imene ili pa akaunti siibwezedwa, imangodikira. Kunena zoona malume ali ndi ana awo atatu, ngakhale atapeza ntchito mawa sindiyamba ine. Ndapeza kantchito mu shopu ya zipangizo za ulimi ku Kasungu. Malipiro ake K900,000 pa semesita sangaifike. Maganizo anga ndi akuti ndigwire kaye, kenaka ndidzapitirize pa sukulu yotsikirako mtengo yophunzira Loweruka ndi Lamlungu. Ndiye chimene ndikufuna kwambiri ndi magiredi anga a chaka choyamba ndi semesita yathayi asaonongeke.

Madalitso M.: Mwaliganizira bwino. Ine ndikanasungitsabe, koma moyo ndi wanu.

Bambo Phiri: Ndiye tilembe. Ikhale ya tsamba limodzi. Pamwamba dzina lako monga lilili m'kaundula wa sukulu, nambala yako ya wophunzira, pulogalamu, chaka, foni ndi imelo yako yaweyawe, osati ya sukulu, chifukwa imeneyo akhoza kuitseka ukangochoka. Ipite kwa a Rejisitara kudzera kwa a Dini, kope kwa mkulu wa zachuma. Thunthu lake likhale chonchi:

"Mutu: Kusiya maphunziro chifukwa cha vuto la ndalama, ndi pempho lobwezeredwa gawo la fizi.

Ndikukudziwitsani kuti ndasiya maphunziro anga kuyambira lero, pa 27 Febuluwale, lomwe lili m'sabata yachinayi ya semesita imene makalasi ake anayamba pa 3 Febuluwale. Chifukwa chake n'chakuti amene amandilipirira fizi ntchito yawathera ndipo ndilibe njira ina yolipirira ndalama yotsala.

Semesita ino ndalipira K680,000, ndipo mwa imeneyi K600,000 ndi ya maphunziro. Malinga ndi ndime ya zobweza fizi m'buku la malamulo a ophunzira, wosiya m'sabata yachitatu kapena yachinayi amabwezeredwa 50 peresenti. Choncho ndikupempha kubwezeredwa K..., ndipo ngati mawerengedwe anu asiyana ndi anga, mundipatse m'kalata mmene mwawerengera.

Ndikupemphanso kuti mundichotse m'makosi onse a semesita ino kuti asalembedwe ngati ndalephera, kuti akaunti yanga isonyeze kuti ndilibe ngongole, ndi kuti mundipatse kalata yotsimikiza kuti ndachoka mwa ine ndekha ndili ndi mbiri yabwino.

Ndaphatikiza makope a malisiti, sitetimenti, ndi kalendala ya semesita."

Nambala ya ndime ndi tsamba la bukulo uziike. Pa K... paja uikepo chiwerengero chimene wasankha. Waona kuti chiganizo chopempha mawerengedwe ndabwereka kwa mayi Nachisale.

Chikondi wa ku Area 25: Koma yauma bwanji kalatayi! Za umasiye zija mwachotsa zonse? Mwina zikanawafewetsa mtima kuti awonjezereko.

Bambo Phiri: Chiganizo chimodzi cha chifukwa chakwana. Chilipo kuti fayilo isonyeze kuti wachoka chifukwa cha ndalama, osati chifukwa cholephera mayeso kapena mlandu, ndipo zimenezo zidzamuthandiza akadzafuna kubwerera kapena kupita kwina. Za umasiye akazinene pakamwa kwa mkulu woona za umoyo wa ophunzira. Ameneyo nthawi zina amadziwa za thandizo limene sililengezedwa, ndipo n'koyenera kumuona mawa lomwelo. Koma kalata iyambe yadindidwa.

Onanso kuti ndalemba "ndasiya", osati "ndikupempha chilolezo choti ndisiye". Ukapempha chilolezo wina akhoza kunena kuti tsiku losiya ndi limene komiti yavomereza, ndipo komitiyo ikumana mwezi wamawa.

Nachisale: Pamenepo tagwirizana. Funso lina, kalendalayo mwaiphatikiziranji?

Bambo Phiri: Chifukwa masukulu ambiri amakhala ndi sabata yolembetsa makalasi asanayambe. Ngati kulembetsa kunayamba pa 27 Januwale, wina mu ofesi akhoza kuwerengera kuyambira pamenepo, n'kupeza kuti sabata yachinayi inatha kale pa 21. Ndinaziona zimenezi zikuchitika, osati mwa nkhanza, koma kalaliki wangotenga tsiku loyamba limene waliona. Tiyamike alembe mzere pansi pa tsiku loyamba makalasi.

Tiyamike: Kulembetsa kunayambadi pa 27. Koma kalendala yalemba kuti semesita ikuyamba pa 3, ndipo bukulo likuti kuwerenga kumayambira poyamba semesita. Mtima unangoti phaa.

Nanga ndingotumiza pa imelo usiku uno?

Mai a Dalitso: Tumiza, koma upitenso wekha ndi makope awiri. Limodzi usiye, linalo akudindire, alembe tsiku, asayine, ubwerere nalo. Ukangotuluka ulijambule pa foni. Akakuuza kuti "siyani pompo, abwana kulibe", usachoke. Mlembi ali ndi chidindo cholandirira makalata, sichifuna abwana. Malisiti enieni usasiye, upereke mafotokope.

Gift Wamkulu: Ndipo muvale nsapato zofewa, kiliyaransi fomu ikuyendetsani sukulu yonse. Laibulale, hositelo ngakhale simunagoneko, zamasewera ngakhale mpira simuudziwa.

Bambo Phiri: Akunena zoona a Gift, ndipo apa pali msampha. Akakupatsa fomu imeneyo n'kunena kuti kalata ailandira ukamaliza kusainitsa, ukane mwaulemu. Kusainitsa kungatenge sabata, munthu mmodzi akakhala pa tchuthi waima. Upemphe kuti kalata ailandire lero, fomu itsatira. Ndalama sangatulutse fomu isanathe, izo n'zoona, koma tsiku lako likhala litalowa kale.

Chomaliza chimene anthu amaiwala: ndalama amabwezera amene analipira. K680,000 ija inalowa bwanji?

Tiyamike: Malume anatumiza kwa amayi, amayi n'kukaika ku banki pa akaunti ya sukulu. Pa silipi pali dzina la amayi ndi nambala yanga. Koma pa fomu imene ndinadzaza chaka choyamba, wondilipirira ndinalemba malume.

Bambo Phiri: Ndiye akhoza kufuna mawu a malumewo. Amaopa ana amene amasiya sukulu mwakabisira n'kudya fizi makolo osadziwa, ndipo alipodi otero. Auze malume usiku uno alembe mizere itatu pamanja, kuti akudziwa zoti wasiya ndipo akuvomera kuti ndalama ipite ku akaunti yakuti, asayine, ajambule pamodzi ndi chiphaso chawo, akutumizire. Akaunti ikhale ya ku banki. Kumene ndinali ine sitinkabweza pamanja kapena pa foni.

Chikondi wa ku Area 25: Nanga akangokhala chete osabweza?

Nachisale: Pakatha sabata zitatu kapena zinayi alembe kalata yokumbutsa, aphatikize kope lodindidwa lija. Ikakanika, apite kwa wamkulu wa sukuluyo. Kunja kuli bungwe la CFTC limene limalandira madandaulo a ogula, ndipo NCHE ndiyo imayang'anira mayunivesite. Konseko chinthu choyamba chimene angafunse ndi umboni woti munadandaula kaye kusukuluko.

Tiyamike: Ndabwerako abale. Ndinafika 8 koloko. Mlembi poyamba anati ndiyambe kiliyaransi, ndinanena monga munandiuzira bambo Phiri, anandiyang'ana kanthawi kenaka anadinda. Pa 27 Febuluwale, kope lili m'chikwama ndipo ndalijambula kawiri. Ndinalemba K300,000. Kwa a maakaunti, mayi wina anatenga pensulo n'kulemba pambali 900, 450, 150, osalankhula kanthu. Nditamuonetsa mawu a m'bukumo anati akafunsa abwana ake, yankho ndilipeza m'kalata. Kalata ya malume anaifunadi.

A Dini kulibe mpaka Lachiwiri, koma akuti sizisintha tsiku. Ku laibulale andipeza ndi buku limene ndinabwereketsa mnzanga mu Novembala, ndiye sanasaine.

Gift Wamkulu: Mnzanuyo ali kuti?

Tiyamike: Foni yake ikungoitana. Ndili pa siteji, ndikupita komwe amachita lendi ku Area 36.